Mafulemu angati pamwezi? Zolipira zokhazikika ndi zolipira zosinthasintha m'shopu ya mmisiri

Aliyense woyenda mumsewu wa M1 kuchokera ku Lunzu kulowera ku Lirangwe, kapena wodutsa m'misika ya ku Chileka, amaona mafulemu a zitseko ndi a mawindo atayedzamitsidwa kutsogolo kwa mashopu owotcherera zitsulo. Ntchito yomanga nyumba ikukula m'madera amenewa chifukwa anthu ambiri ogwira ntchito mumzinda wa Blantyre akugula malo kunja kwa mzindawo. Komabe si zachilendo kumva mmisiri amene makina ake amalira tsiku lonse akudandaula kuti mwezi ukatha ndalama ya lendi imasowa. Kawirikawiri vuto silikhala ulesi kapena kuchepa kwa luso. Limakhala lakuti ndalama zonse zotuluka m'shopu zimawerengedwa mulu umodzi, chonsecho zili m'magulu awiri amene khalidwe lake ndi losiyana kwambiri.

Nkhani ino ikufotokoza magulu awiriwo potsatira shopu imodzi yongoyerekeza ya ku Lirangwe imene imapanga mafulemu a mawindo. Mitengo imene yalembedwa muno ndi yachitsanzo chabe, yosankhidwa kuti masamu ake aoneke mosavuta. Mmisiri aliyense ayenera kuikapo mitengo ya m'malisiti ake, koma kawerengedwe kake n'komweko, kaya ndi kalipentala, telala kapena woumba zidina zasimenti.

Magulu awiri a ndalama zotuluka

Gulu loyamba ndi la zolipira zokhazikika. Izi ndi ndalama zimene zimatuluka mwezi ndi mwezi posatengera kuti ntchito yagwiridwa yochuluka bwanji. Mwini nyumba amafuna lendi yake yonse, shopu ipange mafulemu makumi awiri kapena isapange ngakhale imodzi. Mlonda wausiku amalandira malipiro omwewo. Laisensi ya bizinesi ya ku khonsolo siitsika mtengo chifukwa choti malonda sanayende.

Gulu lachiwiri ndi la zolipira zosinthasintha. Izi zimayendera limodzi ndi ntchito: zimakwera ntchito ikachuluka, zimatsika ikachepa, ndipo zimaima ntchito ikaima. Zitsulo, ndodo zowotcherera, madisiki odulira, penti ndi mayuniti a magetsi oyendetsera makina zili m'gulu limeneli. Mafulemu awiri amadya zitsulo zowirikiza kawiri za fulemu imodzi.

Pali funso limodzi lothandiza kuzindikira gulu la cholipira chilichonse: kodi shopu itatsekedwa mwezi wathunthu, ndalama imeneyi ingatulukebe? Yankho likakhala inde, ndi yokhazikika. Likakhala ayi, ndi yosinthasintha. Zinthu zina zimagawika pawiri. Magetsi a getsi lounikira panja usiku amatha chimodzimodzi mwezi uliwonse, pamene magetsi a makina owotcherera amatha molingana ndi ntchito. Malipiro a wantchito nawo amatengera pangano: wolipidwa pa fulemu iliyonse ali m'gulu losinthasintha, koma wolipidwa pamwezi ali m'gulu lokhazikika, ngakhale onse awiri akugwira ntchito yofanana.

Zimene fulemu imodzi imadya

M'shopu ya ku Lirangwe ija, fulemu ya windo yamlingo wodziwika imagulitsidwa K90,000. Kuti ipangidwe pamafunika zitsulo za K42,000, ndodo zowotcherera ndi madisiki za K5,000, penti woteteza dzimbiri wa K3,000 ndi magetsi a K2,000. Mnyamata wothandiza amalandira K6,000 pa fulemu, ndipo gawo la fulemuyo pa mtengo wonyamulira zitsulo kuchokera mumzinda ndi K2,000. Zonse pamodzi zikukwana K60,000.

Pa K90,000 imene wogula wapereka, yotsala ndi K30,000. Apa ndi pamene amisiri ambiri amasokera, chifukwa ndalama yotsalayi amaitcha phindu n'kupita nayo kunyumba. Koma imeneyi isanakhale phindu ili ndi ngongole yoti ibweze. Ndiyo ndalama yokhayo imene ingalipire lendi, mlonda ndi zina zonse zokhazikika. M'nkhani ino izitchedwa chotsala cha pa fulemu.

Powerengera zitsulo pafunika kusamala. Zitsulo zambiri zopangira mafulemu zimagulitsidwa zotalika mamita 6, ndipo podula pamatsala tizidutswa tosagwiritsika ntchito. Woyeza zitsulo zokhazo zimene zalowa mu fulemu amapeza mtengo wotsika kusiyana ndi umene walipiradi. Njira yodalirika ndiyo kutenga ndalama zonse zogulira zitsulo pa ulendo umodzi n'kuzigawa ndi chiwerengero cha mafulemu amene atulukamo. Tizidutswa totsalato timakhala tawerengedwa kale m'menemo.

Zimene mwezi umadya

Zolipira zokhazikika za shopuyi zili motere. Lendi ndi K80,000 pamwezi. Mlonda amalondera mashopu angapo oyandikana, ndipo gawo la shopuyi pa malipiro ake ndi K40,000. Laisensi ikakhala K60,000 pachaka, ndiye kuti mwezi uliwonse ukusenza K5,000, ngakhale imalipiridwa kamodzi.

Pali zolipira zina ziwiri zimene siziwoneka chifukwa palibe amene amabwera kudzazilonjerera pakhomo. Choyamba ndi kutha kwa zipangizo. Makina owotcherera, makina odulira ndi opalira zitsulo, zingwe ndi zida zina zikagulidwa pa K1,260,000, ndipo zikuyembekezeka kugwira ntchito zaka zitatu, ndiye kuti pa miyezi 36 imeneyo mwezi uliwonse ukudya K35,000. Mmisiri wosaika ndalama imeneyi pambali amadzapezeka alibe chogulira makina ena tsiku limene akalewo apsa. Chachiwiri ndi malipiro a mwini shopu. Iye ndi amene amayeza, kudula ndi kuwotcherera, ndipo banja lake limadya tsiku lililonse, malonda ayende kapena asayende. Akadziikira K200,000 pamwezi, ndalama yapakhomo imasiyana ndi ndalama ya shopu, ndipo zimadziwika ngati shopuyo ikupinduladi kapena ikungomulipira thukuta lake.

Kuphatikiza zonsezi, zolipira zokhazikika ndi K360,000 pamwezi. Ngati shopu imatsegulidwa masiku 24 pamwezi, tsiku lililonse limayamba ndi ngongole ya K15,000 makina asanayatsidwe.

Malire a kuluza ndi kupindula

Manambala awiri tsopano alipo: K360,000 yoyenera kupezeka mwezi uliwonse, ndi K30,000 imene fulemu iliyonse yogulitsidwa imasiya. Kugawa yoyambayo ndi yachiwiriyo kukupereka 12. Amenewa ndiwo malire a shopuyi. Mafulemu 12 oyamba a mwezi amangolipira lendi, mlonda, laisensi, zipangizo ndi malipiro a mwini. Phindu limayambira pa fulemu ya 13, ndipo kuyambira pamenepo K30,000 yonse ya fulemu iliyonse ndi phindu, popeza zokhazikika zalipiridwa kale.

Shopu ikagulitsa mafulemu 8 okha, chotsala chonse ndi K240,000, kutanthauza kuti yaluza K120,000. Ikagulitsa 20, chotsala ndi K600,000, ndipo phindu ndi K240,000. Ikagulitsa 24, amene ndi mafulemu ochuluka zedi amene mmisiri mmodzi ndi makina amodzi angakwanitse m'chitsanzochi, phindu ndi K360,000. Chochititsa chidwi n'chakuti kuchoka pa mafulemu 20 kufika pa 24, ntchito yangowonjezereka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, koma phindu lakwera ndi theka. Umu ndi momwe zolipira zokhazikika zimachitira: zimalemera kwambiri ntchito ikachepa, ndipo zimapepuka msanga ntchito ikadutsa malire.

Izi zikusonyezanso kuti funso lakuti fulemu imodzi imawononga ndalama zingati lilibe yankho limodzi. Mbali yosinthasintha ndi K60,000 nthawi zonse. Koma mbali yokhazikika imagawidwa pa mafulemu onse a mweziwo. Akakhala 8, iliyonse imasenza K45,000, ndipo mtengo wake wonse ndi K105,000. Akakhala 12, imasenza K30,000, mtengo wonse n'kukhala K90,000. Akakhala 20, imasenza K18,000 yokha, mtengo wonse n'kutsika kufika pa K78,000. Fulemu ndi yomweyo, zitsulo ndi zomwezo, koma mu Febuluwale ndi yodula kuipanga kusiyana ndi mu Ogasiti.

Kupanga si kugulitsa

Wina atamva zimenezi angaganize kuti njira yotsitsira mtengo ndi kupanga mafulemu ochuluka mwezi uliwonse. Pamenepa pali msampha. Chotsala cha K30,000 chimabwera fulemu ikagulidwa, osati ikapangidwa. Mmisiri akapanga mafulemu 24 koma n'kugulitsa 10, otsala 14 aja amakhala atameza K840,000 ya zitsulo, penti, magetsi ndi malipiro, ndipo sanabweretse ngakhale tambala yolipirira lendi. Pamapepala mtengo wa fulemu umaoneka wotsika, koma m'thumba mulibe kanthu, ndipo oda yatsopano ikabwera pamasowa ndalama yogulira zitsulo.

Komanso mafulemu oima panja nthawi ya mvula amachita dzimbiri ndipo amafuna penti wina. Omanga nyumba nawo amafuna milingo yosiyanasiyana, kotero fulemu yopangiratu ikhoza kukhala miyezi isanapeze khoma loikwanira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Choncho chiwerengero choyenera kuyerekeza ndi malire a 12 aja ndi cha mafulemu ogulidwa ndi kulipiridwa. Mafulemu ochepa oonetsera kumsewu ndi ofunika pokopa ogula, koma kupitirira pamenepo n'kutsekera mpamba m'zitsulo.

Chaka chili ndi nyengo ziwiri

M'boma la Blantyre ntchito yomanga imachuluka m'chilimwe, anthu atakolola ndi kugulitsa mbewu, njerwa zitaumbidwa ndi kuwotchedwa. Mvula ikayamba chakumapeto kwa chaka, ndalama za mabanja ambiri zimapita ku feteleza, fizi ndi chakudya, ndipo maoda amachepa mpaka chakuma Epulo. Lendi yokha siidziwa nyengo.

N'chifukwa chake malire ayenera kuwerengedwanso pachaka. Mafulemu 12 pamwezi ndi mafulemu 144 pachaka. Shopu ija ikagulitsa 20 pamwezi kwa miyezi 7 yachilimwe, imapindula K1,680,000. Ikagulitsa 8 pamwezi kwa miyezi 5 yamvula, imaluza K600,000. Phindu lenileni la chaka ndi K1,080,000. Tanthauzo lake n'lakuti pa phindu la chilimwe, K600,000 si yodya kapena kugulira njinga yamoto: ndi lendi ndi chakudya cha miyezi yamvula chimene changobwera msanga. Mmisiri woidya mu Seputembala ndi amene amakatenga katapila mu Januwale.

Ena amaganiza zongotseka shopu m'miyezi yovutayo poona kuti akuluza. Koma kutseka kumangoimitsa zolipira zosinthasintha. Wofuna kusunga malo ake amalipirabe lendi ndi mlonda, ndipo banja limafunabe chakudya. Shopu yotseka imasowa K360,000 yonse, pamene yopanga mafulemu 8 imasowa K120,000 yokha. Bola mtengo wogulitsira ukhale pamwamba pa zolipira zosinthasintha, kugwira ntchito pang'ono kumachepetsa kuluza. Kutseka kumakhala kwanzeru pokhapokha mwini shopu atapeza ntchito ina, monga kumunda kapena pa kontirakiti, yomupatsa zoposa K240,000 imene mafulemu 8 aja akanasiya.

Oda yamtengo wotsika

Kusiyanitsa magulu awiriwa kumathandiza kwambiri pobwera wogula wonenerera. Mwachitsanzo, mu Febuluwale kontirakitala womanga nyumba zalendi ku Chileka akufuna mafulemu 10, koma akupereka K72,000 pa iliyonse. Mmisiri wodziwa kuti mwezi umenewo fulemu ikumuwonongera K105,000 angakane nthawi yomweyo. Komatu lendi ndi zina zokhazikika azilipira ndithu, avomere odayo kapena aikane. Chimene chisinthe ndi zolipira zosinthasintha zokha. Fulemu iliyonse idya K60,000 n'kusiya K12,000, ndipo mafulemu 10 asiya K120,000, yofanana ndendende ndi imene shopu ikanaluza mwezi umenewo.

Asanavomere, pali zinthu zinayi zoti aunike. Choyamba ndi zolipira zatsopano zimene odayo ikubweretsa. Ngati mmisiri ndiye achite hayala galimoto yonyamula mafulemuwo kuchoka ku Lirangwe kupita ku Chileka pa K50,000, chotsala chitsika kufika pa K70,000. Odayo ikadali yothandiza, koma osati monga inaonekera poyamba, ndipo n'koyenera kukambirana kuti wogula adzatenge yekha katundu wake.

Chachiwiri ndi mpata. Oda yomweyi ikabwera mu Ogasiti, pamene shopu ili ndi ogula mafulemu 24 pa K90,000, fulemu iliyonse ya kontirakitala imalanda malo a fulemu imene ikanasiya K30,000. Pamenepo mmisiri amataya K18,000 pa fulemu, kapena K180,000 pa oda yonse. Oda imene ndi chipulumutso m'dzinja ndi chitayiko m'chilimwe.

Chachitatu ndi mbiri ya mtengo. Pamsika waung'ono nkhani siichedwa kufala. Ogula onse akamva za K72,000 n'kuyamba kuumirira mtengo womwewo, chotsala cha fulemu iliyonse chidzakhala K12,000, ndipo malire adzachoka pa 12 kufika pa 30, kuposa mafulemu amene shopu ingakwanitse kupanga. Mtengo wotsika uyenera kukhala ndi chifukwa chomveka, monga kuchuluka kwa katundu wogulidwa nthawi imodzi, ndipo usasanduke mtengo wa masiku onse.

Chachinayi ndi nthawi yolipira. Mafulemu 10 akufuna K600,000 ya mmisiri asanaperekedwe. Kontirakitala akachedwetsa malipiro miyezi itatu, mpamba wonse wa shopu umakhala uli m'nyumba ya munthu wina. N'chifukwa chake amisiri ochenjera amapempha ndalama yoyamba yokwanira zitsulo ntchito isanayambe.

Mitengo ikakwera

Mu Meyi 2022 Banki Yaikulu ya dziko lino inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti. Popeza zitsulo, ndodo zowotcherera ndi madisiki zambiri zimachokera kunja, mitengo yake imakwera msanga kwacha ikagwa, pamene lendi ya pamsika wa kumudzi imatsatira pang'onopang'ono. Ndi bwino kudziwa kuti kukwera kwa mbali ziwirizi sikupweteka mofanana.

Mwini nyumba akawonjezera K12,000 pa lendi, zokhazikika zimakhala K372,000, ndipo malire amangosuntha kuchoka pa 12 kufika pa 13. Koma zitsulo za fulemu imodzi zikakwera ndi K12,000 yomweyo, mtengo wogulitsira osasintha, chotsala chimatsika kuchoka pa K30,000 kufika pa K18,000, ndipo malire amalumpha kufika pa mafulemu 20. Mwezi umene unkabweretsa phindu la K240,000 umangokwanira kulipira zokhazikika. Lendi imakwera kamodzi pamwezi, koma zitsulo zimakwera pa fulemu iliyonse.

Amisiri ambiri amakangana ndi mwini nyumba pa lendi koma n'kuchedwa miyezi kusintha mtengo wa fulemu zitsulo zitakwera. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuchiona: ndalama yogulitsa mafulemu khumi ikalephera kugula zitsulo za mafulemu khumi ena n'kusiya chotsala chonga chakale, ndiye kuti mtengo watsalira m'mbuyo. Powerengera mtengo, choyenera kugwiritsa ntchito ndi mtengo wa zitsulo wa lero, umene mmisiri akalipire pokaguliranso, osati wa pa lisiti la miyezi iwiri yapitayo.

Magetsi akazima

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunasautsa mabizinesi kwa nthawi yopitirira chaka. Kwa wowotcherera zitsulo, tsiku lopanda magetsi limaoneka ngati losawononga kanthu chifukwa mayuniti a ESCOM sakutha ndipo zitsulo zili pomwepo. Koma K15,000 ya zokhazikika ya tsikulo yapita, ndipo m'chilimwe fulemu imene ikanasiya K30,000 sinapangidwe.

Apa m'pamene funso la jenereta limayankhidwa ndi masamu omwewa. Ngati kubwereka jenereta ndi kugula mafuta ake kukuwononga K12,000 pa fulemu m'malo mwa K2,000 ya magetsi, chotsala chimatsika kufika pa K20,000. Pakakhala wogula amene akudikira, K20,000 ndi yabwino kuposa kukhala manja lende. Pakakhala palibe oda yofulumira, monga m'miyezi yamvula, n'kwanzeru kudikira magetsi. Kugula jenereta yakeyake ndi nkhani ina, chifukwa kutha kwake kumalowa m'zolipira zokhazikika za mwezi uliwonse, magetsi azime kapena asazime.

Zokhazikika zimakwera ngati masitepe

Zolipira zokhazikika zimakhala zosasintha pa mlingo wina wa ntchito, osati mpaka kalekale. Shopu ija ikafika pa mafulemu 24 ndipo ogula akubwezedwa, mwini wake angaganize zogula makina achiwiri ndi kulemba mmisiri wina wapamwezi. Malipiro a mmisiriyo akakhala K150,000 ndipo kutha kwa zipangizo zatsopano kukakhala K30,000, zokhazikika zimakwera kamodzin'kamodzi kuchoka pa K360,000 kufika pa K540,000. Malire atsopano ndi mafulemu 18.

Kuti phindu lingofanana ndi K360,000 imene ankapeza ali yekha, shopu iyenera kugulitsa mafulemu 30. Ikagulitsa 26, ntchito yachuluka, phokoso lachuluka, koma phindu latsika kufika pa K240,000. Ndipo miyezi yamvula ikafika, mafulemu 8 aja adzasiya shopu ikuluza K300,000 pamwezi m'malo mwa K120,000. Choncho funso si lakuti kodi ogula achuluka mwezi uno, koma lakuti kodi pali umboni woti adzapitirira 30 kwa miyezi yambiri ya chaka.

Pali njira yapakati. Mmisiri wachiwiri akhoza kulembedwa m'chilimwe mokha n'kumalipidwa pa fulemu iliyonse, ndipo makina akhoza kubwerekedwa pa sabata. Zikatero chotsala cha pa fulemu chimachepa, koma shopu siisenza katundu wokhazikika m'miyezi yopanda malonda. Zolipira zokhazikika zambiri zimapindulitsa amene ali ndi msika wotsimikizika. Amene msika wake umabwera ndi kupita amatetezeka posunga zolipira zambiri m'gulu losinthasintha. Ngongole yogulira makina iyenera kuonedwa chimodzimodzi, popeza wobwereketsa amafuna gawo lake mwezi uliwonse osafunsa za nyengo.

Kope limodzi, masamba atatu

Zonsezi sizifuna kompyuta. Kope la sukulu ndi lokwanira. Tsamba loyamba likhale la zolipira zokhazikika za mwezi, kuphatikizapo zolipira kamodzi pachaka zitagawidwa ndi 12, kutha kwa zipangizo ndi malipiro a mwini shopu. Tsamba lachiwiri likhale la zolipira zosinthasintha za katundu mmodzimmodzi, fulemu ya windo payokha, ya chitseko payokha, geti payokha, aliyense ndi mtengo wake wogulitsira ndi chotsala chake. Tsamba limeneli liwunikidwenso nthawi iliyonse zitsulo zikagulidwa. Tsamba lachitatu likhale la katundu wogulidwa ndi kulipiridwa, tsiku ndi tsiku, chotsala chake chikuphatikizidwa kutsika m'munsi.

Shopu yopanga katundu wosiyanasiyana siingawerengere malire ake m'mafulemu okha, koma tsamba lachitatu limathetsa vutoli. Tsiku limene chotsala chophatikizidwa chafika pa K360,000 ndilo tsiku limene mwezi walipiridwa. Likafika pa 15, mwezi ndi wabwino. Likafika pa 28, shopu ikungodzisunga. Mwezi ukatha lisanafike, mmisiri amadziwa ndalama yeniyeni imene yaperewera, ndipo amatha kuona ngati chaperewera ndi ogula, mtengo kapena masiku ogwira ntchito.

Kope lomweli limasonyezanso katundu woyenera kuikidwa patsogolo nthawi ikachepa. Geti yosiya K75,000 imaoneka yopambana fulemu yosiya K30,000, koma ngati geti imatenga masiku atatu pamene fulemu imatenga tsiku limodzi, geti ikusiya K25,000 yokha patsiku. M'chilimwe, pamene chosowa ndi nthawi, mafulemu ndiwo ayambe. M'dzinja, pamene chosowa ndi ogula, geti imeneyo ndi yolandira ndi manja awiri, chifukwa yokha ikulipira zokhazikika za masiku asanu.